Khadi la milingo ya mankhwala a ana: mmene talikonzera pa wodi yathu

13 Januwale

Mvula yafika pachimake kuno ku Angonia, ndipo wodi ya ana yadzaza ndi malungo ndi chibayo. Usiku namwino amakhala mmodzi, nthawi zina ndi wophunzira, ndipo mwana aliyense wolowa amafunika masamu ake: makilo kuchulukitsa ndi mamiligalamu, kugawa ndi mphamvu ya mankhwala ali m'kabotolo, kenako kuyang'ana ngati sirinji ili m'manja ingathe kuyeza chomwe chatuluka. Tsamba la m'buku la mankhwala lomwe tinamata pakhoma limangopereka gawo loyamba la masamuwo, zotsalazo zimachitika m'mutu kapena pa foni.

Tagwirizana ndi a dokotala oyang'anira wodi komanso a tekiniko a ku farimasiya kuti tsambalo tilisandutse khadi limodzi: upeze kulemera kwa mwana kumanzere, uyende ndi chala, upeze mamililita oti ukoke. Ine ndiye wolemba manambala. Ndizilemba pano mmene zikuyendera kuti a zipatala zina za m'chigawo cha Tete, ku Tsangano, ku Makanga kapena ku Mowatize, akafuna kupanga lawo asayambire pansi. Koma manambala athu musawakopere. Muona m'munsimu kuti amadalira timabotolo tomwe tili m'kabati yathu.

Tsambalo lili ndi mankhwala ambiri. Tasankha okhawo obaya omwe amafunika mwachangu mwana akangolowa: ampisilini, jentamaisini, seftiriyakizoni, atesuneti, diyazepamu ndi gulukozi wa 10%. Akumwa tawaika pambali, chifukwa amapatsa nthawi yotsegula buku.

16 Januwale

Ntchito yoyamba inalibe kompyuta. Ndinakhala ndi tsambalo ndi pensulo, n'kumalemba pambali pa mankhwala aliwonse ngati nambala yake ndi ya tsiku lonse kapena ya kubaya kumodzi. Mabuku amasakaniza zimenezi pa tsamba limodzi. Ampisilini kwina amamulemba kuti 200 mg/kg pa tsiku, kugawa kanayi. Kwina amati 50 mg/kg maola 6 aliwonse. Ndi mlingo umodzi womwewo, koma munthu wotopa akaona 200 n'kuiwala kugawa, mwana amalandira kanayi kuposa zake. Pa khadi lathu palibe nambala ya tsiku lonse ngakhale imodzi. Chilichonse ndi cha kubaya kumodzi, ndipo pamutu pa danga lililonse palembedwa kuti ndi maola angati pakati.

Milingo tinaifanizira ndi kabuku ka bungwe la zaumoyo padziko lonse kothandiza ana ogonekedwa, kosindikizidwa kachiwiri mu 2013, komanso malangizo a malungo a Unduna wa Zaumoyo. A dokotala anatsimikiza uliwonse: ampisilini 50 mg/kg maola 6 aliwonse, jentamaisini 7,5 mg/kg kamodzi pa tsiku, seftiriyakizoni 80 mg/kg kamodzi pa tsiku koma 100 mg/kg pa matenda oumitsa khosi, diyazepamu 0,5 mg/kg kudzera kotulukira chimbudzi, gulukozi wa 10% 5 ml/kg. Za atesuneti ndinena pazokha, chifukwa wativuta mwapadera.

Tadulanso malire awiri. Khadi likuthera pa 30 kg, kuti pasakhale mzere wofika pa mlingo wapamwamba wololedwa; seftiriyakizoni sayenera kupitirira 4 g, ndipo pa 30 kg tili cha pa 3 g. Kumunsi likuyambira pa 3 kg, koma kwa mwana wa miyezi iwiri kupita m'tsogolo basi. Khanda la masiku anayi lolemera 3,2 kg likwanira bwinobwino pa mzere woyamba, chonsecho jentamaisini wake ndi 5 mg/kg, ndipo ampisilini amabayidwa maola 12 aliwonse, popeza impso zake sizinakhwime. Pamwamba pa khadi pakhala mzere wofiira woletsa kuligwiritsa ntchito pa makanda.

21 Januwale

Ndinkafuna kakhadi kolowa m'thumba la yunifolomu, choncho poyamba ndinayesa magulu akuluakulu a kulemera omwe tinawazolowera: 3 mpaka 6, 6 mpaka 10, 10 mpaka 15, 15 mpaka 20, 20 mpaka 30. Mizere isanu yokha, kooneka bwino. Pa ampisilini zinayenda, chifukwa mankhwalawa akapitirira pang'ono savulaza. Pa jentamaisini zinakanika.

Tengani gulu la 6 mpaka 10 kg. Mukawerengera pakati, pa 8 kg, mupeza 60 mg. Mwana wa 6 kg akalandira 60 mg, ndiye kuti walandira 10 mg/kg, kupitirira ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Wa 9,9 kg akalandira 60 mg yomweyo, wangofika pa 6 mg/kg. Jentamaisini wochuluka amawononga impso ndi makutu, ndipo ife tilibe njira yoyezera kuchuluka kwake m'magazi. Mwana wosiya kumva sumudziwa ali pa wodi. Amadzadziwika kunyumba patapita miyezi, amayi ake akuti sakucheuka akamuitana. Mabuku amathawa vutoli polemba milingo iwiri, kuti kuyambira apa mpaka apa, koma zimenezo zikubwezera masamu kwa namwino yemwe tikufuna kumupeputsa.

A tekiniko a ku farimasiya anaika lamulo loti pa jentamaisini mwana aliyense wa pa mzere, wopepuka kwambiri ndi wolemera kwambiri, asapatuke kupitirira 10% pa mlingo weniweni. Kuti zimenezi zitheke mizere yachepetsedwa: theka la kilo kuyambira 3 mpaka 10 kg, kenako kilo imodzi imodzi mpaka 30. Yakwana mizere 34. Zolowa m'thumba zija zathera pomwepo, khadi likhala la pepala lathunthu lomata pa tirole ya mankhwala.

Mzere uliwonse walembedwa ndi malire ake onse, mwachitsanzo 6,0–6,4. Ndinaona kuti ukalemba 6 ndi 6,5 basi, mwana wa 6,3 kg amagawa anthu pawiri, ena amakwera, ena amatsika. Masamu a mzerewo amachitika pa 6,2 kg. Jentamaisini amatuluka 46,5 mg. Kabotolo kathu ndi ka 80 mg mu 2 ml, kutanthauza 40 mg pa mililita, ndiye 1,16 ml. Sirinji ya 2 ml imayeza magawo khumi a mililita, choncho tilemba 1,2 ml, yomwe ndi 48 mg. Wa 6,0 kg alandira 8 mg/kg, wa 6,4 kg alandira 7,5. Onse ali mkati mwa lamulo.

Pa kompyuta ya ku ofesi, yomwe ili m'Chipwitikizi, danga la mamililita a jentamaisini ndi ili, pomwe B4 ndi kulemera kwa pakati pa mzere:

```
=ARRED(B4*7,5/40;1)
```

Mamiligalamu osindikizidwa pa khadi sindinawatenge pa masamu oyamba. Ndawabweza kuchokera ku mamililita aja, kuti ziwirizo zizinena chimodzi. Pamenepo palembedwa 48 mg ndi 1,2 ml, osati 46,5. Ndaikanso madanga awiri osasindikizidwa oonetsa zomwe wopepuka ndi wolemera wa mzerewo alandire pa kilo, ndipo amenewo ndiye amandiuza ngati mzere wapyola malire.

27 Januwale

Lero ndinaima pa tirole m'mawa, osanena kanthu, kungoyang'ana mmene anzanga amasungunulira ampisilini. Kabotolo ndi ka 500 mg ka ufa. Wina anathira madzi 2 ml. Wina anathira 5 ml, nati amatero kuti asawawe mu mtsempha. Onsewa sanalakwe, chifukwa aliyense amawerengera zake n'kukoka zoyenera. Koma khadi likangoti "1,6 ml" osanena madzi, awiriwa apereka milingo yosiyana kutali.

Ufa nawo umatenga malo m'kabotolo. Ukathira 2,1 ml pa 500 mg umapeza 2,5 ml, ndiye 200 mg pa mililita, ndipo 1,6 ml ya mwana wa 6,2 kg uja ndi 320 mg. Wothira 5 ml amapeza pafupifupi 5,4 ml, ndipo akakokamo 1,6 ml wapereka 148 mg, osafika ndi theka lomwe. Choipa chake n'chakuti palibe chimene chingaonekere. Mwana sasintha pomwepo, amangochedwa kuchira, anthu n'kumati ampisilini wasiya kugwira, tisinthe mankhwala.

Tinakambirana pa msonkhano wa m'mawa. Mayi wamkulu wa manamwino, amene wagwira ntchito zaka zambiri kuposa tonsefe, anati: "Mwanawe, ine 5 ml ndinaizolowera kale, koma ngati khadi likuti 2,1 ndithira 2,1. Chachikulu mulembe pamwamba pomwepo ndi zilembo zazikulu, musakabise kumbuyo." Tatero. Wofuna kusungunula kwambiri kuti abaye pang'onopang'ono mu kanyula, ayambe wakoka mlingo wa pa khadi, kenako awonjezere madzi mu sirinji momwemo. Wothira 2 ml m'malo mwa 2,1 sitilimbana naye, kusiyana kwake ndi 4% yokha.

Seftiriyakizoni sanavute. Kabotolo ka 1 g ukathira 9,6 ml kamapereka 10 ml, 100 mg pa mililita, choncho pa matenda oumitsa khosi mamililita amafanana ndi makilo a mwana. Pansi pa danga lake tawonjezera mawu ochepa oti asadutse mu chingwe cha diripi ya Ringa, chifukwa kashiamu wa m'menemo amagwirana naye.

3 Febuluwale

Atesuneti. Kuyambira mu 2015 malangizo a padziko lonse amati mwana wosakwana 20 kg alandire 3 mg/kg, wa 20 kg kupita m'mwamba alandire 2,4 mg/kg, chifukwa ana aang'ono amachotsa mankhwalawa msanga m'thupi. Amabayidwa polowa, patatha maola 12, patatha maola 24, kenako kamodzi pa tsiku mpaka mwana atatha kumwa, apo n'kumaliza ndi mapiritsi a Koatemu a masiku atatu.

Ukazilemba m'mizere zimaoneka ngati cholakwika. Pa mzere wa 19,0–19,9 kg masamu amapereka 58,5 mg. Mzere wotsatira, wa 20,0–20,9, amapereka 49 mg. Mwana walemera, mankhwala achepa. Ndinasiya pepala loyeserera pa tebulo la manamwino, m'mawa ndinalipeza wina atazunguliza manambalawo ndi bolopeni n'kuika chizindikiro cha funso. Anachita bwino. Koma ndikudziwa kuti pa khadi lenileni wina adzazikonza yekha ndi cholembera, ndipo anthu akakayikira danga limodzi amasiya kukhulupirira khadi lonse.

Tinabwerera kwa a dokotala. Atesuneti sali ngati jentamaisini: kupitirira pang'ono si vuto, kuperewera ndiye koopsa pa mwana wokomoka ndi malungo. Pepala la atesuneti lomwe lili kale pakhoma limakweza mlingo kufika pa mililita yathunthu, ndipo ife tatsatira zomwezo. Kabotolo ka 60 mg ukathira 1 ml ya bikaboneti wobwera nako, n'kugwedeza mpaka madzi atayera, kenako 5 ml ya salaini, umapeza 6 ml ya 10 mg pa mililita. Kuyambira 17 mpaka 25 kg aliyense alandira 6 ml, kabotolo kamodzi kathunthu, ndipo kutsika kuja kwatha. Wa 20 kg walandira 3 mg/kg, wa 25 kg walandira 2,4 ndendende. Kupitirira apo pafunika kabotolo kachiwiri, ndipo taika kanyenyezi pa mizere imeneyo kuti munthu atenge tiwiri asanayambe kusungunula. Pa mizere ya ana osakwana 20 kg, danga la mamililita a atesuneti pa kompyuta ndi ili:

```
=ARRED.PARA.CIMA(B20*3/10;0)
```

Kukweza kumeneku sikuyenda pa ana opepuka kwambiri. Wa 4,2 kg amafuna 12,6 mg. Ukakweza kufika 2 ml wampatsa 20 mg, pafupifupi 5 mg/kg. Pansi pa 6 kg tasiya manambala a magawo khumi, ndiye mzere umenewo uli ndi 1,3 ml.

Atesuneti wobaya mu mnofu amasungunulidwa ndi 2 ml ya salaini m'malo mwa 5, n'kukhala 20 mg pa mililita, ndipo mamililita ake ndi theka. Ndakana kuika madanga awiriwa moyandikana. La mu mnofu lapita kumbuyo kwa khadi, ndi kasungunulidwe kake pamutu. Diyazepamu ndi gulukozi zinatenga mphindi zochepa: diyazepamu wa 10 mg mu 2 ml ndi 0,1 ml pa kilo, gulukozi ndi makilo kuchulukitsa kasanu. Tawonjezera kuti wa 10% akasowa, gawo limodzi la gulukozi wa 50% ndi magawo anayi a madzi obayira zimapanga yemweyo.

10 Febuluwale

A tekiniko a ku farimasiya ndawapatsa pepala la mizere yopanda manambala, ndi milingo ya pa kilo yokha. Awerengera okha pa kalikuleta osaona anga, kenako tinakhala pansi kufananitsa, wina akuwerenga mokweza, wina akuchonga. Kupatsa munthu tebulo lodzaza kale n'kumuuza kuti ayang'ane ngati lili bwino n'kutaya nthawi, maso amangovomereza zomwe akuona. Tinasiyana pa mizere ingapo ya ampisilini pomwe masamu amathera pakatikati, monga 1,55 ml, iwo atatsitsa ine nditakweza. Tagwirizana kukweza.

Tsiku lomweli ndinayesa masikelo. Mizere ya theka la kilo ilibe ntchito ngati sikelo ikunama ndi kilo yathunthu. Ndinatenga chigubu cha madzi a malita 5, chomwe chiyenera kupitirira 5 kg pang'ono chabe. Sikelo yopachika ya ku chipinda cholandirira odwala inaonetsa bwino nditabweza muvi pa ziro, kabudula wopachikira ali pomwepo. Sikelo yoponda ya pa wodi, yomwe timakweza mayi atanyamula mwana kenako n'kuchotsera kulemera kwa mayiyo, muvi wake umangogwedera pakati pa mizere, ndipo pa mwana wa 5 kg sungaidalire. Tagwirizana kuti mwana wosakwana 15 kg aziyezedwa pa yopachika, atavulidwa zovala zolemera. Kuno kumazizira, ana amabwera atakulungidwa majuzi awiri ndi bulangete.

14 Febuluwale

Ndinakwera shapa kupita ku Ulongwe kukasindikiza. Pepala lamitundu, mbali zonse ziwiri, mametikali 50. Kulikuta ndi pulasitiki, mametikali 75. Ndinapanga awiri oyeserera, 250 onse pamodzi, kuwonjezera apo 120 ya ulendo. Ndinajambulitsanso kope imodzi pa makina a fotokope wamba, pa mametikali 5, chifukwa ndikudziwa kuti khadi likakondedwa anthu adzalijambula okha.

Kope ya mametikali 5 ija ndiyo inaulula vuto. Ife kuno timalekanitsa manambala ndi virigula, kamchira kaja ka pansi, ndipo pa fotokope yofooka kamchirako kanasowa m'malo ambiri. Pomwe panali 0,6 ml panaoneka 0 6. Pomwe kompyuta inalemba 1,0 ml panaoneka 10. Ndachotsa ziro aliyense wa kumapeto, 1,0 yakhala 1, ndipo ziro wa kutsogolo ndamusiya ponseponse kuti pasakhale nambala yoyamba ndi virigula. Zilembo ndazikulitsa, manambala a mamililita ndawadetsa kwambiri kuposa a mamiligalamu. Mitundu nayo inasanduka phulusa lofanana pa fotokope, choncho danga lililonse lapatsidwa mzere wokhuthala wolilekanitsa, kuti lisadalire mtundu.

Pali chinanso cha kuno kumalire. Amayi ambiri amadutsa pa Kalomwe kapena njira za m'midzi atanyamula timabuku ta kuchipatala ta ku Dedza, momwe kulemera kumalembedwa ndi kadontho, 6.5, ndiponso nthawi zina ndi kwa mwezi watha. Pa khadi talemba kuti kulemera koyendera ndi kwa lero, koyezedwa ndi ife.

19 Febuluwale

Khadi lisanagwire ntchito pa mwana weniweni, tinaliyesa pa mapepala. Ndinalemba ana ongopeka pa timapepala, kulemera ndi mankhwala, n'kupempha a usiku kuti akoke madzi wamba mu sirinji monga khadi likunenera, pa kuwala komwe kumakhalapo pa ola limenelo. Magetsi akazima kuwalako ndi tochi ya foni yolumidwa pakamwa.

Manambala sanalakwe, koma maso ndiwo amaterereka. Danga la gulukozi lili kumapeto kumanja, ndipo chala chikamayenda kuchokera kumanzere chimatsikira pa mzere wa pansi osadziwa. Wophunzira wina anakoka za mwana wa 12 kg m'malo mwa wa 11. Ndabwereza danga la kulemera kumanja ndi pakati, ndipo mizere ndaidetsa modumphitsa. Pulasitiki yonyezimira imabweza kuwala kwa tochi m'maso. Yosanyezimira ku Ulongwe sindinaipeze, ndiye khadi talipachika ndi chingwe m'malo molimata, kuti munthu azitha kulipendeketsa.

24 Febuluwale

Jentamaisini wa 80 mg mu 2 ml watha ku farimasiya. Wabwera wa 20 mg mu 2 ml, 10 mg pa mililita. Timabotolo n'tofanana kukula, madzi ake oyera chimodzimodzi, ngati mchere ndi shuga m'zitini zosalemba. Mwamwayi khadi linali lisanapachikidwe.

Likanakhala pa tirole, mwana wa 6,2 kg akanalandira 1,2 ml, yomwe tsopano ndi 12 mg m'malo mwa 48. Zobwerera ndiye zoopsa kwambiri. Tikanasintha khadi kuti linene 4,8 ml, kenako wa 40 mg n'kubweranso popanda wotiuza, mwana yemweyo akanalandira 192 mg, kupitirira 30 mg/kg. Apa ndi pomwe ndinamvetsa bwino kuti nambala ya mamililita pa khadi ndi yoona pokhapokha kabotolo kali m'manja kakufanana ndi kolembedwa pamutu. Namwino wowerengera yekha amakakamizika kuwerenga kabotolo kuti apeze chogawira. Wa khadi alibe chomukakamiza, ndipo chimenecho ndi chiopsezo chomwe khadilo labweretsa lokha.

Panali mkangano. A dokotala ankafuna madanga awiri a jentamaisini pa khadi limodzi, la 40 ndi la 10. Ine ndi a tekiniko tinakana, pa chifukwa chomwe chija cha atesuneti: madanga awiri oyandikana a dzina limodzi, usiku, ndi msampha. Tinamaliza motere. Makadi akhala awiri, ofanana m'zonse kupatula danga la jentamaisini, ndipo pamutu pake palembedwa mphamvu ya kabotolo ndi zilembo zazikulu kuposa dzina la mankhwala. Pa wodi pazikhala limodzi lokha. Linalo lizisungidwa ku farimasiya, ndipo tsiku lomwe apereka mtundu wina wa timabotolo, azitenga totsala ta mtundu wakale n'kusinthanso khadi. A dokotala anavomera, ngakhale anati tikuwonjezera ntchito kwa munthu mmodzi yemwe nayenso amapita kutchuthi. Nkhawa yawo ndi yoona, n'chifukwa chake pamwamba pa khadi pawonjezeredwa chiganizo choti werengani kabotolo, ngati sikakufanana ndi mutu wa danga, khadi lisiyeni muwerengere nokha.

3 Malichi

A mkulu wa zachipatala asaina pansi pa makadi onse awiri, ndi tsiku. Popanda siginecha imeneyo likanakhala pepala la ine ndekha. Pakona palembedwa nambala ya kusindikiza ndi mwezi, kuti lakale likapezeka m'dirowa lizidziwika. Ndasindikiza asanu ndi limodzi, atatu a mtundu uliwonse: la pa tirole, la ku chipinda cholandirira odwala mwangozi, ndi losungira. Mametikali 750. Pulasitiki ndapempha kuti aisiyire mlomo waukulu m'mbali, chifukwa pa oyeserera aja m'mbali munayamba kukanganuka titapukuta ndi sipiriti, madzi n'kulowa n'kusungunula inki. Bowo la chingwe laboledwa pa mlomo wa pulasitikiwo, osati pa pepala. Oyeserera onse ndawang'amba.

6 Malichi

Mwana woyamba amene ndinamutsatira kuyambira pa sikelo mpaka pa kanyula anali wa chaka ndi miyezi iwiri, wochokera kumidzi ya kumalire. Anali akupuma mofulumira, nthiti zikulowa mkati, wolefuka osatha kuyamwa, ndipo kachipangizo koyezera malungo kanaonetsa mizere iwiri. Pa sikelo yopachika, atavulidwa juzi, anakwana 9,3 kg. A tekiniko oona odwala analemba atesuneti 28 mg, ampisilini 465 mg, jentamaisini 70 mg.

Namwino anapita pa mzere wa 9,0–9,4. Atesuneti 30 mg, 3 ml. Ampisilini 460 mg, 2,3 ml. Jentamaisini 68 mg, 1,7 ml. Wa 40 mg uja anali atabweranso sabata lomweli, khadi litasinthidwa, ndipo ndinamuona akutembenuza kabotolo kuti awerenge asanathyole. Kenako anaima, n'kufunsa: "A tekiniko, mwalemba 70, pano pali 68, nditsate iti?"

Funso limeneli sitinalikonzekere, ndipo libwera tsiku lililonse, popeza wolemba amawerengera pa 9,3 pomwe khadi likuwerengera pa 9,2. Yankho lomwe tagwirizana ndi lakuti khadi sililemba mankhwala, limangotsimikizira. Zolembedwa ndi za pa khadi zikayandikana chonchi, namwino akoke za pa khadi n'kulemba mu kadeksi, pepala lolembapo mankhwala omwe wodwala walandira, mamiligalamu ndi mamililita omwe wapereka. Zikasiyana kupitirira gawo limodzi mwa khumi, asabaye, afunse. Wolembayo mwina ali ndi chifukwa, monga mwana wosakodza yemwe jentamaisini ayenera kumusamala nayo, kapena wangolakwitsa. Mwanayu analandira 3,2 mg/kg ya atesuneti, 49,5 ya ampisilini ndi 7,3 ya jentamaisini. Atesuneti wotsala m'kabotolo, 3 ml, anatayidwa, chifukwa akasungunulidwa sadikira kupitirira ola limodzi, ndipo panalibe mwana wina womudikira.

12 Malichi

Lamulo la gawo limodzi mwa khumi talilemba pa kapepala n'kulimata ndi selotepi kumunsi kwa khadi. Lilowa bwino posindikiza kachiwiri. Pamodzi nalo palowa mawu okhudza ana otupikana chifukwa cha kuperewera kwa zakudya, omwe sikelo imawerengera ndi madzi omwe, ndipo a dokotala akufuna aziitanidwa jentamaisini asanabayidwe kachiwiri.

A ku farimasiya andiuza zinthu ziwiri zoti ndiziyembekezera. Atesuneti amapangidwanso wa 30 mg ndi 120 mg, ndipo aliyense ali ndi muyezo wake wa bikaboneti ndi salaini, ngakhale pamapeto pake amafika pa 10 mg pa mililita momwemo. Akabwera amenewo, chosintha ndi mawu a kasungunulidwe okha. Koma palinso mtundu watsopano wosungunula ndi madzi amodzi, womwe umakhala 20 mg pa mililita mu mtsempha ndi mu mnofu momwe. Umenewo ukafika, danga lonse la kutsogolo likhala likupereka kawiri. Ndakonzeratu tsamba lake pa kompyuta, a tekiniko atenga pepala lopanda manambala kuti awerengere awo, ndipo tifananitsa Lachisanu.